Mchere, dzuwa ndi ayezi: mpikisano wofika pakati pa mnofu

Ikani zinthu zisanu patebulo limodzi tsiku lotentha: nsomba yaiwisi yosatumbula, nthuli ya nyama ya ng'ombe, ndimu, nyemba zouma ndi uchi wa m'botolo. Nsomba ija pofika mawa m'mawa ikhala itayamba kale kununkha. Nyama ipirirako pang'ono, kenako nayo iyamba kuterera. Ndimu itha sabata kapena kuposerapo, ndipo choigwetsa chidzakhala nkhungu yobiriwira yomera pakhungu. Nyemba zitha chaka ngati anankafumbwe sazipeza. Uchi ukhala zaka. Zonsezi zili pamalo amodzi, mpweya ndi womwewo, kutentha n'chimodzimodzi, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso tikugwera pa chilichonse mosasankha. Kusiyana kwake kuli pa zimene tizilomboto tikupeza tikatera.

Zowoletsa chakudya zilipo za mitundu itatu. Pali tizilombo, ndiye kuti mabakiteriya, yisiti ndi nkhungu, timene timadya chakudyacho n'kusiyamo zonyansa zake. Pali maenzaimu, tinthu togaya ndi kuphwanya zinthu m'thupi la chamoyo, a m'chakudya momwemo, amene chinyama kapena mbewu ikafa saleka ntchito, amangotembenukira mwini wake n'kuyamba kufewetsa mnofu. Ndiye pali mpweya, umene umalowerera mafuta n'kuwasintha fungo ndi kakomedwe. Pa zitatuzi, aliwiro kwambiri ndi mabakiteriya. Akapeza malo abwino, ena amadzigawa pawiri mphindi 20 zilizonse, moti bakiteriya mmodzi amakhala atapitirira 2 miliyoni pakatha maola 7. Nyama imayamba kumveka fungo akafika pafupifupi 10 miliyoni pa kachigawo kakang'ono ka sentimita imodzi mbali zonse, ndipo kuterera kumabwera akachuluka kakhumi kuposa pamenepo. Choncho mphuno ikamanena kuti chinthu chavunda, imakhala ikunena nkhani yakale.

Madzi alipo, koma kodi ndi omasuka?

Bakiteriya alibe pakamwa. Amadya kudzera pakhungu lake, ndipo chakudya chimalowa chitasungunuka m'madzi. Koma funso si lakuti m'chakudya muli madzi ochuluka bwanji ayi. Funso n'lakuti madziwo ndi omasuka kapena agwidwa ndi mchere, shuga ndi mapuloteni. Akatswiri a zakudya amayeza kumasuka kumeneku ndi nambala imene amailemba aw, yoyambira pa 0 kulekeza pa 1. Madzi akumwa ali pa 1. Nsomba ndi nyama yaiwisi zili cha pa 0.99. Mabakiteriya ambiri owoletsa amaleka kuswana nambalayi ikatsika kupitirira 0.91, nkhungu zambiri zimagonja cha pa 0.80, ndipo pansi pa 0.60 palibe kachilombo kalikonse kamene kamakula.

Uchi ndiye umaonetsa bwino zimenezi. Uli ndi madzi pafupifupi 17 kapena 18 peresenti, ochuluka kuposa a m'chimanga chouma bwino, koma shuga wagwira madziwo mwamphamvu moti aw yake imakhala cha pa 0.6. Kachilombo kakagweramo, m'malo momwa madzi, uchiwo ndi umene umakayamwa. Mukausiya wosatseka pamalo a chinyezi n'kuyamwa madzi mpaka kufika cha m'ma 20 peresenti, yisiti amene anangokhala chete amadzuka, uchi uja n'kuyamba kuchita thovu ndi kusasa.

Pambuyo pa madzi, china chimene chimalola kapena kuletsa tizilombo kukula ndi asidi, amene timamuyeza ndi pH. Nambala ikakhala yotsika ndiye kuti asidi ndi wambiri. Madzi a ndimu ali cha pa 2, ndipo mabakiteriya ambiri salimba pamenepo, n'chifukwa chake zipatso zowawasa zimagwa ndi nkhungu ndi yisiti, zimene sizithamanga ngati mabakiteriya. Malire ofunika kuwadziwa ndi 4.6, chifukwa pansi pake kachilombo koyambitsa botulizimu, poizoni wopuwalitsa minyewa, sikakula. Mkaka uli cha pa 6.7, madzi ake ndi omasuka, shuga ndi mapuloteni zasungunukamo kale. Palibe chimene bakiteriya angasowe.

Apa m'pamene nsomba imasiyanirana ndi ng'ombe. Ng'ombe ikaphedwa, shuga wosungidwa m'minofu yake amasanduka asidi, ndipo pH ya nyama imatsika kufika cha pa 5.5. Kameneka ndi katetezo kochepa koma kothandiza. Nsomba zambiri zimasunga shuga wochepa m'mnofu, ndipo wochepa yemweyo zimamutha zikamaphiriphitha muukonde, motero pH yake kawirikawiri imatsalira pamwamba pa 6. Mnofu wake ndi wofewa, mitsempha yomanga ndi yochepa, ndipo uli ndi timichere tambiri tosungunuka kale timene bakiteriya amangomeza osavutika kuphwanya. Matumbo ake ali ndi maenzaimu amphamvu ogayira chakudya, amene nsomba ikafa ili yokhuta amaboola mimba pa maola ochepa. Nsomba za m'nyanja zamchere zili ndi chinthu chinanso m'mnofu chimene mabakiteriya amachisandutsa fungo lija timati fungo la nsomba. Nsomba yongovuulidwa kumene ilibe fungo limenelo. Pamwamba pa zonsezi, mafuta a nsomba ndi aja osachedwa kuwonongeka ndi mpweya.

Palinso kukula kwa malo oonekera. Mkati mwa mnofu wa chiweto chathanzi mumakhala mopanda tizilombo, tizilombo timakhala kunja. Mukagaya nyamayo, zakunja zija mwazilowetsa mkati monse, mwaphwanya timaselo n'kutulutsa madzi ake, ndipo mwalowetsamo mpweya. N'chifukwa chake nyama yogaya imangotha tsiku limodzi kapena awiri mufiriji, pamene nthuli yathunthu imatha masiku atatu mpaka asanu. Dzira, anyezi ndi dzungu zimakhalitsa chifukwa cha chikopa chake, ndipo mpeni ukangodutsa, nthawi imayamba kuwerengedwa mwatsopano.

Tsono mfundo imene anthu ambiri amaidumpha ndi iyi. Kuumitsa, kuthira mchere ndi kuziziritsa sizipha tizilombo tonse. Zimangotimanga manja. Komanso sizigwira chakudya chonse nthawi imodzi: zimayambira kunja n'kumalowa pang'onopang'ono. Pa nthawi yonse imene kuzizira, mchere kapena kuuma zili paulendo wopita pakati, pakatipo maenzaimu ndi mabakiteriya amakhala akugwira ntchito ngati palibe chachitika. Pafupifupi kulephera kulikonse posunga chakudya kumachokera pa kugonja pa mpikisano umenewu. Tiyeni titenge makilogalamu 10 a nsomba zopanda mafuta ambiri, zovuulidwa tsiku lotentha madigiri 30, tione zimene zimachitika panjira iliyonse.

Ntchito yoyamba ndi imodzi kaya mwasankha njira iti. Tumbulani, chotsani matumbo osawaboola, chotsani makha, palani magazi oundana amene amatsatira fupa la msana, ndipo tsukani ndi madzi oti munthu angathe kumwa. Matumbo, makha ndi kuterera kwa pakhungu ndiye nkhokwe za mabakiteriya. Nsomba imene yayamba kale kufewa, maso alowa mkati, makha atuwa, ndipo mukadina ndi chala pamatsala dzenje, musaiwonongere mchere. Mchere sungabweze zimene zawola kale. Pa nsomba monga tuna ndi makerele pali vuto linanso: zikakhala pofunda, mabakiteriya amapanga m'mnofu poizoni wotchedwa hisitamini, ndipo akangopangika sachoka ndi kuphika, kuwamba, kuumitsa kapena mchere.

Ayezi

Kuzizira kumachepetsa liwiro la zonse. Pa nsomba, ofufuza anapeza kachitidwe kosavuta kukumbukira: pa madigiri 5 imawonongeka mofulumira kawiri ndi pang'ono poyerekeza ndi pa madigiri 0, ndipo pa madigiri 10 imawonongeka mofulumira kanayi. Ndiye kuti nsomba yoti ikanatha masiku 12 ili m'ayezi imatha masiku 5 okha mufiriji ya madigiri 5, ndi masiku atatu pa madigiri 10. Madigiri ochepa a kumunsiku ndi amtengo wapatali kuposa mmene amaonekera, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa nsomba odziwa ntchito amathira ayezi ngakhale ali ndi chipinda chozizira.

Ayezi amaziziritsa akamasungunuka. Kilogalamu imodzi ikamasanduka madzi imayamwa kutentha kokwanira kuziziritsa kilogalamu imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 80 kufika pa 0. Nsomba imasunga kutentha pafupifupi mofanana ndi madzi, choncho masamu ake ndi achidule: chulukitsani kulemera kwa nsomba ndi kutentha kwake, mugawe ndi 80. Makilogalamu 10 kuchulukitsa ndi 30 ndi 300, kugawa ndi 80, tikupeza makilogalamu osakwana 4 pang'ono. Amenewa ndi ongotsitsa nsomba kufika pa 0 basi. Sitinawerengere bokosi lomwe, kutentha kolowa m'mbali, ndi kutsegulatsegula. N'chifukwa chake kumalo otentha lamulo lodziwika ndi kilogalamu ya ayezi pa kilogalamu ya nsomba, ndi kuwonjezera ena ulendo ukatalika.

Kaikidwe n'kofunika mofanana ndi kuchuluka. Ayezi akhale ophwanya tizidutswa, chifukwa chibuma chachikulu chimangokhudza nsomba pamalo amodzi, ndipo makona ake amabaya mnofu. Yalani ayezi pansi okhuthala masentimita 5, kenako mzere umodzi wa nsomba mimba zitayang'ana pansi kuti madzi asadikhemo, kenako ayezi, choncho mpaka pamwamba, ndi m'mbali momwe. Bokosi likhale ndi kabowo pansi. Madzi osungunuka akamatsika amatsuka nsomba ndi kutenga kutentha, koma akasowa potulukira nsomba zapansi zimamira m'madzi a magazi odzaza mabakiteriya. Cholakwika chofala ndi kuunjika nsomba mulu n'kuthira ayezi pamwamba pokha. Mnofu sudutsitsa kutentha msanga, ndipo mulu ukakhuthala kawiri, nthawi yoti pakati pazizire imachuluka pafupifupi kanayi. Zapamwamba zimaoneka bwino, zapakati zikuvunda.

Lamulo lomweli ndi limene limapweteketsa anthu pa chakudya chophika. Poto wamkulu wa mpunga kapena msuzi akalowa mufiriji ali wodzaza, pakati pake pamakhalabe pofunda kwa maola ambiri, pakati pa madigiri 5 ndi 60 pamene mabakiteriya amaswana bwino. Mumpunga mumakhala njere za bakiteriya wina zimene sizifa ndi kuwira. Mpunga ukamazizira pang'onopang'ono zimamera n'kutulutsa poizoni wosanzitsa, amene safa ngakhale muutenthetsenso, ndipo mpungawo sununkha n'komwe. Gawani chakudya m'mbale zosazama kupitirira masentimita 5, chitsike kufika cha pa madigiri 21 m'maola awiri, ndi kufika pa 5 m'maola ena anayi.

Firiji iyenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo, ndipo njira yodziwira ndi kuikamo choyezera kutentha, osati kukhulupirira manambala a pa kabatani kake. Ngakhale ili bwino choncho, pali mabakiteriya okonda kuzizira, ena owoletsa, ena monga lisiteriya odwalitsa, amene amakulabe mwapang'onopang'ono. Pa madigiri 18 pansi pa 0 madzi ambiri amaundana ndipo palibe kachilombo kamakula, koma mafuta amapitirizabe kuwonongeka, moti nsomba yamafuta imasintha kakomedwe pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Tizilombo tija timangogona, ndipo chakudya chikasungunuka timapitiriza pamene tinalekezera. Tisaiwalenso kuti si zonse zimakonda kuzizira: nthochi ikakhala pansi pa madigiri 13 timaselo ta khungu lake timawonongeka, imada ndipo siipsanso bwino.

Mchere

Mchere ukakhudza mnofu wonyowa zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi: madzi amatuluka, mchere umalowa. Madzi otsala mkati amagwidwa ndi mcherewo. Lita imodzi ya madzi imasungunula mchere pafupifupi magalamu 360, kupitirira apo wotsala umangokhala pansi. Madzi okhuta mchere chonchi ali ndi mchere 26 peresenti ndipo aw yake ndi 0.75, pansi kwambiri pa malire a mabakiteriya owoletsa.

Tibwerere ku nsomba zathu. Nsomba yopanda mafuta ili ndi madzi pafupifupi 80 peresenti, ndiye kuti m'makilogalamu 10 muli malita 8 a madzi. Kuti madzi onsewo akhute mchere, otuluka ndi otsala omwe, pafunika magalamu 360 kuchulukitsa ndi 8, omwe ndi makilogalamu pafupifupi atatu. Apa m'pamene pamachokera muyezo wakale wa gawo limodzi la mchere pa magawo atatu a nsomba, poyeza kulemera. Si mwambo chabe, ndi masamu. Munthu akawaza magalamu 300 okha pa makilogalamu 10, wakometsa nsomba koma sanaisunge. Madzi a mkati akafika mchere 10 peresenti m'pamene mabakiteriya ambiri owoletsa, pamodzi ndi wa botulizimu uja, amaima. Wina wopezeka pakhungu ndi m'mphuno za anthu amapirira mchere woposa pamenepo, n'chifukwa chake manja osasamba ndi oopsa ngakhale pa chakudya chamchere.

Nsomba yokhuthala kupitirira masentimita awiri ndi theka ing'ambidwe kutsatira msana n'kutambasulidwa, ndipo pamnofu wochindikala muchekepo mizere yozama kuti mchere upeze njira yachidule. Yalani mchere pansi pa chotengera cha pulasitiki kapena chamatabwa, osati chachitsulo chochita dzimbiri. Ikani nsomba khungu pansi mnofu m'mwamba, pakani mchere m'mizere ija, muchulutse pafupi ndi fupa la msana ndi kumutu, ndipo pitirizani mzere ndi mzere. Mzere womaliza khungu liyang'ane m'mwamba, mukwirire ndi mchere, mutsindire ndi chinthu cholemera.

Kuchokera apa njira zimagawikana. Nsomba yopanda mafuta mukhoza kuilola kukha madzi ake atuluke pansi, ndi kumaipanganso mulu pakapita masiku angapo, zapamwamba zipite pansi, mukuwonjezera mchere pamene wachepa. Nsomba yamafuta isiyeni imire m'madzi ake omwe m'chotengera chosadontha, chifukwa ikaonekera ku mpweya mafuta ake amasanduka achikasu n'kumawawa pakhosi. Madziwo ayenera kuimiza yonse pofika tsiku lotsatira. Akapanda kukwanira, thirani ena okhuta mchere. Chizindikiro chakuti madzi akadali amphamvu ndi mchere wosasungunuka wooneka pansi. Ukasowa, dziwani kuti madzi otuluka m'nsomba awasukulutsa. Nsomba zing'onozing'ono zopyapyala zimakhuta mchere m'masiku ochepa, zikuluzikulu zimafuna masabata awiri kapena atatu. Yokhuta imalimba monse ndipo mnofu wake suonekanso ngati galasi. Mukaidula pakati n'kupeza kachigawo kofewa, konyezimira pafupi ndi fupa, mchere sunafike.

Mtundu wa mchere uli ndi gawo lake. Mchere wosalala kwambiri umasungunuka msanga, n'kuyamwa madzi a kunja mwachangu moti mapuloteni a pamwamba amalimba n'kukhala ngati chikopa, ndipo mchere umavutika kupitirira. Wamibulu ikuluikulu wokhawokha umachedwa kusungunuka, ndipo tsiku lotentha kuchedwa kumeneko n'kokwanira kuti pakati pavunde. Kusakaniza iwiriyi, wamibulu ukhale wochulukirapo, ndiye njira yabwino. Mchere wa m'nyanja wosayeretsa umakhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu, zimene zikachuluka zimachedwetsa kulowa kwa mchere, zimawawitsa nsomba, ndipo zimaichititsa kuyamwa chinyezi. Umabweranso ndi mabakiteriya ake okonda mchere. Mukaona timadontho tofiirira ngati pinki pa nsomba yamchere, totsatana ndi kuterera ndi fungo, ndi iwowo. Amakonda kutentha, ndipo pamalo ozizira pansi pa madigiri 10 sakula. Mchere umene wagwirapo kale ntchito musaubwereze pa nsomba zatsopano.

Dzuwa ndi mphepo

Anthu amati dzuwa ndi limene limaumitsa, koma popanda mphepo ntchito siyenda. Madzi akatuluka m'mnofu amapanga kampweya konyowa kozungulira chakudyacho, ndipo ngati palibe choukankha, kuuma kumaima. Thandala la waya kapena ukonde, lokwera pafupifupi mita imodzi, limalola mphepo kudutsa pansi ndi pamwamba, komanso limatalikitsa chakudya ku fumbi, ziweto ndi chinyezi cha m'nthaka.

Sikelo ndiye mboni yodalirika. M'makilogalamu 10 aja muli makilogalamu awiri a mnofu weniweni ndi 8 a madzi. Mnofuwo susintha, chimachoka ndi madzi okha. Pa nsomba yopanda mchere, mabakiteriya amaima madzi akatsala pafupifupi 25 peresenti, ndiye kuti mulu wonse uzilemera makilogalamu 2.7. Nkhungu imaima madzi akatsika kufika pa 15 peresenti, pamene mulu umalemera makilogalamu osakwana 2.4. Taonani tsono msampha wake. Nsomba zikafika makilogalamu 5, theka la kulemera kwake koyamba, kunja zimaoneka zouma ndithu, koma mwa makilogalamu 5 amenewo atatu ndi madzi. Imeneyo ndi 60 peresenti, ndipo bakiteriya akadali pabwino. Ngati mulibe sikelo yaikulu, sankhani nsomba zingapo, muziyeze musanayanike, ndipo muziziyeza madzulo aliwonse mpaka zitatsika pang'ono pansi pa gawo limodzi mwa anayi a kulemera kwake koyamba.

Kuuma kuli ndi magawo awiri. Poyamba madzi a pamwamba amachoka msanga, ndipo apa mphepo ndiyo imalamulira. Kenako liwiro limadalira mmene madzi a pakati akuyendera kubwera kunja, ndipo zimenezi simungazikakamize. Mukaika nsomba yochindikala pa malata otentha kapena pafupi ndi moto waukulu, kunja kumauma gwa n'kutseka njira, madzi a mkati n'kutsekeredwa. Nsomba yotere imagogoda ngati youma, koma mukaithyola pakati pamakhala pofewa ndi ponunkha. Kutentha kukapitirira, mnofu umapsa n'kumayoyoka. Mankhwala ake ndi kucheka mopyapyala, kuyamba pamthunzi podutsa mphepo, kutembenuza maola awiri kapena atatu aliwonse, ndipo usiku kuunjika nsomba mulu m'nyumba n'kutsindira. Kutsindirako kumathandiza madzi a pakati kusamukira kunja, moti m'mawa pamwamba pamakhala ponyowa pang'ono, pokonzeka kuumanso. Komabe usiku woyamba, nsomba yopanda mchere ikadali yonyowa, kuiunjika ndi kuiwoletsa. Imeneyo ikhale yotambasula podutsa mpweya.

Masiku awiri oyamba ndiye oopsa, chifukwa mnofu uli wonyowa ndi wofunda. Ntchentche zobiriwira zimaikira mazira m'makha ndi m'ming'alu, ndipo pasanathe tsiku mphutsi zimakhala zitaswa. Apa m'pamene mchere ndi kuyanika zimathandizana. Nsomba yokhuta mchere ntchentche siziifuna kwenikweni, ndipo mabakiteriya amakhala atamangidwa kale, choncho ngakhale kunja kuchite mitambo siwola. Siifunanso kuuma kwambiri: madzi 35 mpaka 40 peresenti ndi okwanira, popeza otsalawo agwidwa ndi mchere. Musanaiyanike itsukeni pang'ono m'madzi amchere kuchotsa mibulu ya pamwamba, imene ikauma imapanga chikhakha choyera. Mankhwala ophera tizilombo a m'munda kapena a m'nyumba asayandikire chakudya choyanika. Ukonde wa mabowo ang'onoang'ono umagwira ntchitoyo popanda kudwalitsa munthu.

Chakudya chouma sichikhala chouma chokha. Chimatsatira mpweya wochizungulira. Mchere umayamba kuyamwa madzi chinyezi cha mumpweya chikapitirira 75 peresenti, motero nsomba yamchere m'nyengo ya mvula imachita thukuta, n'kuyamba kumata m'manja, kenako pamamera timadontho takhofi ta nkhungu ina yopirira mchere. Kuitsekera m'pulasitiki kumathandiza pokhapokha ngati yaumadi ndiponso yazizira. Mukatsekera ikadali yotentha ndi dzuwa, nthunzi imasanduka timadontho mkati mwa thumba, ndipo pamene padontha madzi m'pamene nkhungu imayambira. Nsomba yoti sinaume bwino, mchere wake ndi wochepa, n'kuitsekera mopanda mpweya pamalo ofunda, ndiyo yoopsa koposa zonse, chifukwa kachilombo ka botulizimu kamakula kumene kulibe mpweya ndipo sikuti nthawi zonse kamanunkhitsa. Nsomba zosatumbula zothira mchere zadwalitsapo anthu matendawa m'mayiko angapo pa chifukwa chimenechi: m'matumbo ndi mmene njere zake zimakhala, ndipo ndi mmene mchere umafika mochedwa.

Mbewu zimatsata lamulo lomweli, kungoti manambala ake ndi ena. Chimanga chimasungika madzi akatsika kufika cha pa 13 peresenti, pamene mtedza umafuna 7 kapena 8. Kusiyanaku kumabwera chifukwa pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, amene sagwira madzi, choncho madzi ochepa omwewo amaunjikana m'gawo lotsalalo n'kukhala omasuka. Mbewu zikalowa m'thumba zisanafike pamenepo zimapitiriza kupuma, zimatulutsa kutentha ndi chinyezi, ndipo chuku chimamera. Chuku china chimapanga poizoni wowononga chiwindi, amene sachoka ndi kuphika kapena kukazinga, ndipo njere ikhoza kukhala naye osaoneka yowola kwenikweni.

Pali kayezedwe kosafuna makina. Tengani botolo lagalasi louma bwino lokhala ndi chotsekera, ndi mchere umene mwauumitsa padzuwa kapena pamoto n'kuusiya uzizire. Thirani chimanga mpaka gawo limodzi mwa atatu a botolo, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, ndipo musiye kwa mphindi 15 musanakhutchumulenso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chili ndi madzi opitirira 15 peresenti, chibwerere padzuwa. Ukakhala woyoyoka, chatsika pansi pa 15, koma poti malire otetezeka ndi 13, n'kwanzeru kuchiyanikabe tsiku lina chisanalowe m'thumba. Njere zoyezera muzitenge pakati pa mulu ndi pansi pake, osati zapamwamba zimene zakhala zikuwombedwa ndi dzuwa tsiku lonse.